Kulembera wojambula malangizo oti asabwerenso ndi mafunso

"Alangizi, ndinamaliza Fomu 4 chaka chatha, ndipo gulu lathu la achinyamata kuno ku Bangula landipatsa ntchito yolemba sitolibodi, ndondomeko ya zithunzi zoonetsa mmene kanema adzayendere, ya kanema wa mphindi zitatu wochenjeza anthu za madzi osefukira. Tinapeza wojambula pamanja wa ku Blantyre amene timamulipira pa chithunzi chilichonse, koma ndikamutumizira malangizo amabweza mafunso ambirimbiri, ndipo zina akajambula sizifanana ndi zimene zinali m'mutu mwanga. Kodi ndizilemba bwanji?"

Mchemwali wanga, ndikuganiza kuti malangizo anu akumafotokoza nkhani, pamene wojambula akufuna kuuzidwa zimene diso likuona pa kamphindi kamodzi. Chithunzi cha pamanja sichiyenda, choncho chiganizo chilichonse chimene chili ndi zochitika zotsatizana chimamukakamiza kuti asankhe yekha chojambula, kapena akufunseni.

Tiyerekeze kuti mwalemba kuti, "Mayi akumva chenjezo, akuchita mantha, akutenga ana ndi kuthawira kumtunda." Kwa inu chiganizochi n'chomveka chifukwa nkhani yonse mukuidziwa, koma muli zithunzi zitatu: nkhope ya mayi pamene akumva mluzu, mayi akubereka khanda, ndiponso banja likuchoka pakhomo. Mawu akuti "mantha" nawonso sajambulika, pakuti wina akachita mantha amaima chilili atagwira pakamwa, pamene wina amakuwa atakweza manja. Lembani zimene thupi likuchita, monga kuti watong'ola maso, watembenuzira khosi kukhomo, ndipo chipande chimene amaomolera nsima chikadali m'dzanja. Mukaona kuti m'malangizo a chithunzi chimodzi mwalowa mawu akuti "kenako" kapena "atatero", dziwani kuti pamenepo payamba chithunzi china.

Tsono titenge chachitatucho, chimene chimavuta kwambiri, tichilembe mmene ndingafunire kuti chifike kwa wojambula:

"Chithunzi 7. WS, kamera ili pa msinkhu wa maso a munthu woimirira. Panja, m'bandakucha, kuli mitambo koma mvula yakata. Kumanzere kwa chithunzi kuli nyumba ya zidina yofolera udzu, chitseko chili chotseka. Pakati pali mayi, akuyenda kulowera kumanja, khanda lili kumsana, mtolo uli pamutu ndipo waugwira ndi dzanja lake lamanzere. Dzanja lake lamanja lagwira mkono wa mnyamata, amene ali mbali ya kamera. Onse awiri akuyang'ana kumanja. Madzi akulekeza mu akakolo a mayi, ndi odekha, ndipo afalikira pabwalo lonse. Patali kumbuyo kuli migwalangwa itatu ndi munda wa mapira. Muvi woonetsa kumene akulowera uloze kumanja. Zomveka: mluzu patali, palibe woyankhula."

Zilembo WS n'zimene anthu a makanema amalemba pofuna chithunzi chapatali, choonetsa munthu yense pamodzi ndi malo amene ali. Amalemba MS akafuna kuti munthu aoneke kuyambira cha m'chiuno kupita kumutu, ndipo CU akafuna nkhope yokha kapena chinthu chimodzi chapafupi. Zitatuzi n'zokwanira pa kanema ngati wanu, ndipo muziziika koyambirira kwenikweni chifukwa ndizo zimauza wojambula kukula kwa munthu pa pepala asanayambe n'komwe kulemba mzere.

Onaninso mmene ndagwiritsira ntchito mawu akuti kumanzere ndi kumanja. Ponena za malo, ndi kumanzere kapena kumanja kwa munthu amene akuyang'ana chithunzicho, koma ponena za chiwalo ndalemba kuti "dzanja lake" kuti pasakhale chisokonezo. Nkhani ya mbaliyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Ngati pa chithunzi 7 mtsinje uli kumanzere ndipo banja likulowera kumanja, ndiye kuti pa zithunzi zonse za ulendowo liziyendabe kulowera kumanja mpaka likafike kusukulu kumene anthu akusonkhana. Wojambula akangolitembenuza pa chithunzi 9, woonera adzaganiza kuti mayi uja akubwerera kunyumba, mwina kukatenga mbuzi, ndipo m'kanema wochenjeza anthu limenelo ndi phunziro loopsa.

Pa madzi ndi pamene ndikufuna mutsindike kwambiri. Munthu wa ku Blantyre akamva za kusefukira kwa madzi, n'kutheka kuti m'maganizo mwake mumabwera zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kuno kuchigwa nthawi zambiri madzi a Shire ndi Ruo amasefukira pamalo athyathyathya, n'kufalikira m'minda ndi m'midzi ngati nyanja. Mukangolemba kuti "madzi osefukira", musadabwe kulandira chithunzi cha mtsinje waukali ukutsika m'phiri. Ndiponso kuya kwa madzi muzikuyeza pa thupi la munthu kapena pa khoma la nyumba, osati ndi mawu akuti ambiri kapena ochepa. Ndasankha akakolo mwadala, chifukwa uthenga wanu ndi wakuti anthu achoke msanga, ndipo chithunzi cha mayi ali m'madzi olekeza m'chiuno ndi khanda kumsana chingaonetse ngati kuchoka mochedwa chonchi n'kololeka. Chisankho chotere ndi chanu ndi anzanu a m'gulu, musamusiyire wojambula.

Mwina mwaona kuti m'malangizo a chithunzi 7 sindinanene zaka za mayi kapena mtundu wa chitenje chake. Zimenezo zimalembedwa kamodzi kokha pa tsamba loyamba, pamene mumafotokoza munthu aliyense: kuti mayi ndi wa zaka ngati 35, wavala chitenje chobiriwira ndi duku, alibe nsapato, ndipo mnyamata ndi wa zaka ngati 8, mutu wake ukulekeza m'chigongono cha mayi ake. Pa tsamba lomwelo nenani ngati zithunzi zikhale zopingasa pa muyeso wa 16:9 kapena zoimirira pa 9:16 zoonera pa foni, chifukwa kusintha zimenezi pambuyo pake kumafuna kujambulanso zonse. Muphatikizepo zithunzi za pa foni za nyumba, bwato logoba ndi mgwalangwa zimene mwajambula nokha kwanuko, popeza chithunzi chimodzi cha bwato chimamveka kuposa ndime yathunthu. Nkhope za anthu enieni musatumize popanda chilolezo chawo.

Pali malire ake. Kanenepedwe ka mizere, mapindidwe a nsalu ndi kaikidwe ka mthunzi ndi luso limene mukumulipirira, ndipo mukayamba kumulamula pa zimenezo malangizo amatalika mpaka mfundo zofunika zimabisika.

Musanatumize, perekani malangizowo kwa mnzanu amene sanamvepo nkhaniyo, mumupatse pensulo, ajambule anthu a timitengo m'timabokosi inu muli chete. Funso lililonse limene angafunse mulilembe pambali osamuyankha pakamwa, chifukwa yankho lake liyenera kulowa m'malangizo. Akamaliza, ikani timabokosi take motsatana muone ngati mtsinje wakhala mbali imodzi ndiponso ngati mnyamata sanasowe pa chithunzi china. Kenako tumizani zithunzi zitatu zokha zoyambirira, mupemphe kuti azijambule mwachisawawa ndi pensulo, ndipo mugwirizane polemba kuti chithunzi chilichonse angachikonze kangati popanda ndalama yowonjezera, asanayambe zotsalazo.