Ndalama inachoka Lachinayi, yafika Lachiwiri: yagona kuti?

"Achimwene, ndinatumiza ndalama ya renti pafoni Lachinayi madzulo, Pasaka asanayambe. Mu akaunti mwanga inachoka pompo, koma alandilodi ku Chibavi, omwe ali ndi banki ina, aiona Lachiwiri. Kodi banki imayamba yachita nayo geni?"

Achemwali, funso lanu landikanda pachilonda. Ine zoterezi zinandidanitsa ndi malume anga a ku Luwinga. Ankafuna ndalama yogulira simenti, ndinatumiza Lachisanu nditaweruka, ndipo Loweruka lonse anakhala pashopu akuimba foni. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kwa mayi anga kuti mwana wanu wayamba bodza. Mpaka lero akandiona amafunsa kuti, "Mwatumizadi, kapena mwatumiza ngati muja?"

Chimene chimatipusitsa ndi Mpamba ndi Airtel Money. Tinazolowera kuti ukatumiza, foni ya mnzako imalira nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya pa Khirisimasi. Zimatheka chifukwa nonse muli m'kaundula wa kampani imodzi. N'chimodzimodzi anthu awiri a banki imodzi.

Mabanki akasiyana, ndalama zambiri zimadutsa ku Reserve Bank, kumene mabanki amalipirana, ndipo kumeneko ntchito imayenda masiku a ntchito okha. Banki iliyonse ilinso ndi ola lake lotsekera malipiro a tsikulo. Tinene kuti kwanu ndi 3 koloko masana, inu mwatumiza 4 koloko. Ndalama yachotsedwa kwa inu, inde, koma yangoikidwa pamzere wa tsiku la ntchito lotsatira. Ndiye werengani: Lachisanu Loyera ndi tchuthi, Loweruka ndi Lamulungu palibe, Lolemba la Pasaka tchuthinso. Kwa inu papita masiku asanu. Kwa banki lapita tsiku limodzi, ndipo sikuchedwa.

Ine chondikwiyitsa si ola lotsekeralo ayi. Ndi uthenga umene umabwera pafoni wonena kuti zatheka. Zatheka chiyani? Akanalemba kuti "ifika Lachiwiri", mikangano yambiri ya renti mu Mzuzu muno bwenzi kulibe. Amadziwa, koma sanena, ndipo kumeneko ndi kupeputsa makasitomala.

Za kunja ndiye zina

Achibale a ku Joni akamatumiza kudzera kubanki, matchuthi amawerengedwa a mbali zonse ziwiri. Pa 16 Juni kwawoko ndi tchuthi pamene kuno tikugwira ntchito; pa 6 Julaye kapena pa 15 Okutobala tatseka ndife. Tchuthi chathu chikagwa Loweruka kapena Lamulungu chimasunthira Lolemba, ndipo limeneli ndi limene anthu amaiwala.

Chochita n'chochepa. Funsani kubanki kwanu ola lotsekera, ndipo pafupi ndi tchuthi muzitumiza m'mawa. Alandilodi muwatumizire chithunzi cha lisiti. Akadutsa masiku awiri a ntchito ndalama isanafike, pitani kubanki ndi nambala ya palisitipo, muonetsetsenso ngati simunaphonye nambala ya akaunti yawo, chifukwa zikatero ndalama imatha kubwerera kwa inu.