Kugawa makasitomala poona maoda akale

"Ndimagulitsa zakudya za nkhuku ku Chawama, ndipo maoda a miyezi 12 a makasitomala pafupifupi 400 ali mu Excel. Ndingawagawe bwanji kuti ndidziwe oyenera kuwaimbira foni kapena kuwatsitsira mtengo?"

Mayi, musanawerengere chilichonse, yambani mwakonza mayina, chifukwa kasitomala amene amalipira lero pa Airtel, mawa pa MTN, amaoneka ngati anthu awiri ogula mwa apo ndi apo. Aliyense akhale ndi nambala imodzi, ndipo malisiti ake a tsiku limodzi muwaphatikize mumzere umodzi.

Tinene kuti A muli makasitomala, B masiku, C ndalama, ndipo E muli kasitomala aliyense kamodzi kokha, monga walembedwera mu A. Mafomula awa akuuzani masiku amene apita chigulireni, maulendo amene anagula, ndi ndalama zonse zimene analipira:

```
=TODAY()-MAXIFS(B:B,A:A,E2)
=COUNTIFS(A:A,E2)
=SUMIFS(C:C,A:A,E2)
```

Pa maulendo ndi pa ndalama, sanjani anthuwo kuyambira wamkulu, muwadule m'magulu atatu ofanana, apamwamba alandire 3, apansi 1. Koma pa masiku musadule motero, chifukwa malire ake amachokera ku nkhuku. Mabuloila amagulitsidwa atakwanitsa masabata pafupifupi 6, kenako khola limatsukidwa n'kusiyidwa kwa kanthawi, choncho mlimi amene wakhala mwezi osabwera sanakuthaweni. Ine ndikanapereka 3 kwa amene sanapyole masiku 45, ndi 1 kwa amene apyola masiku 90. Oweta nkhuku zamazira muwawerengere paokha, pakuti iwo sapumira kugula, ndipo kusowa kwawo kwa mwezi umodzi n'kokayikitsa kale.

Taonani bambo amene anagula maulendo 14, nalipira K38,000, koma papita masiku 110 asanaonekenso. Ameneyu ndi 1-3-3, kutanthauza 1 pa masiku, 3 pa maulendo ndi 3 pa ndalama, ndipo ndiye woyamba kumuimbira inuyo mwini, osati kumutumizira uthenga wa aliyense. Mufunseni chimene chinachitika, chifukwa ngati nkhuku zake zinatha ndi chitopa, kutsitsa mtengo sikungamubweze, koma ngati wina akumufikitsira matumba pakhomo, mwadziwa chochita.

A 3-3-3 musawatsitsire mtengo, popeza akanagulabe pa mtengo wonse. Ingowasungirani matumba katundu akamavuta. Wa 3-1-1 kawirikawiri amakhala watsopano amene wangogula sitata, choncho mukumbutseni anapiye akayandikira kusintha chakudya. A 1-1-1 uthenga umodzi ndi wokwanira.

Dziwaninso kuti ndalama zimene zili mu C si phindu, ndipo wogula zambiri pa ngongole yosabweza angaoneke ngati kasitomala wabwino koposa. Kuti muone ngati kuimbako kukuthandiza, ngati a 1-3-3 alipo 40, imbirani 30, enawo 10 muwasiye dala, ndipo pakatha masiku 45 muyerekeze gawo la amene abwerera m'magulu awiriwo.