Shiti ya sitoko yomwe aliyense amaigwira: lekani kulemba balansi pamanja

"Achimwene, pashopu pathu ku Katoto tilipo anthu sikisi ndipo tonse timalemba mu shiti imodzi ya Google Sheets. Manambala akumangosintha, ukafunsa aliyense akuti si ine. Titani?"

Achemwali, imelo yanuyi yandikumbutsa chilonda. Ndinagwirapo ntchito pa hadiweya ina mtauni muno, katundu wambiri timasunga ku Luwinga, ndipo shiti yathu ndinaikonza ndekha, ndinkainyadira heve. Simenti tinali ndi matumba 120, analowa 200, anatuluka 85, fomula inkaonetsa 235. Mnyamata wa ku Luwinga atawerenga anapeza 230, asanu anali atauma ndi chinyezi, mukudziwa mvula yathu ya kuno yosamva kalendala ija. Iyeyo osaganiza zoipa anangolowa mu selo ya balansi n'kulemba 230, fomula n'kufera pomwepo.

Masabata atatu simenti akutuluka, shiti ili phee pa 230. Tsiku lina kontirakitala wina walipira matumba 150, lole yafika ku Luwinga, apeza 62 okha. Bwana anandiimbira ndili pa kabaza ku Chibavi ndipo zomwe anandiuza sindingazilembe pano. Chinandiwawa kwambiri n'choti tonse timalowa ndi akaunti imodzi, pasiwedi yolembedwa pakhoma kuseri kwa kauntala, ndiye nditatsegula Version history dzina linali limodzi lokhalokha, la shopu. Wolakwa anapezeka chifukwa anavomera yekha, apo ayi bwenzi mpaka lero ndili wakuba m'maso mwa bwana uja.

Ndiye ine ndinene mosapsatira, vuto si anthu anu. Vuto ndi shiti yolola munthu kulemba balansi pamanja. Amayi anga ankagulitsa ufa ndi nyemba ndi kope la pasukulu ndipo sankafufuta kanthu, akalakwitsa ankalemba mzere wina pansi. Ife tagula malaputopu n'kuiwala nzeru imeneyo. Za akaunti imodzi ndiye musandiyambe, bwana amene akuti kutsegulira aliyense yake n'kutaya nthawi ameneyo sakufuna kudziwa choona. Pasiwedi imeneyo mpaka amene anasiya ntchito chaka chatha akuidziwabe.

Zoti muchite

Khalani ndi matabu awiri, Sitoko ndi Kaundula. Mu Kaundula chilichonse chochitika chikhale ndi mzere wake: nthawi mu A, katundu mu B, Kulowa kapena Kutuluka mu C, kuchuluka mu D, kenako dzina la wolemba ndi chifukwa. Mu Sitoko muli dzina la katundu mu A, poyambira mu B, balansi mu C ndipo balansiyo ndi fomula basi, iyi muilembe mu C2 n'kuikopera m'mizere yapansi:

```
=B2+SUMIFS(Kaundula!D:D,Kaundula!B:B,A2,Kaundula!C:C,"Kulowa")-SUMIFS(Kaundula!D:D,Kaundula!B:B,A2,Kaundula!C:C,"Kutuluka")
```

Kenako khomani. Pa kompyuta sankhani makolamu atatuwo, pitani pa Data > Protect sheets and ranges > Add a sheet or range > Set permissions, musankhe Restrict who can edit this range, musiye inuyo ndi bwana, koma lokoyu amagwira pokhapokha aliyense akulowa ndi akaunti yake. Kuli china chija cha Show a warning when editing this range, chimenecho ndi loko wa chidole, munthu amangodina OK n'kupitiriza kuononga.

Kaundulayo naye ali ndi khomo, poti amene angathe kulembamo angathenso kufufuta mzere wa dzulo. Ine ndinathana nazo ndi Google Forms: anthu amadzaza fomu pafoni, mafunso ake otsatana ngati makolamu aja, mzere umagwera wokha mu shiti ndi nthawi yake, tabu ya mayankhoyo n'kuitcha Kaundula n'kuikhoma yonse. Sidya bandulo yambiri. Katundu akhale wosankha pa mndandanda osati wotaipa, chifukwa wina akalemba Siment wina Simenti, fomula iwerenga yofanana ndi ya mu A yokha, inayo ingosowa mwakachetechete.

Wina akalemba kuti atuluka 50 m'malo mwa 5, palibe kufufuta. Adzaze fomu ina, Kulowa 45, chifukwa chake alembe kuti kukonza zolakwika za m'mawa. Matumba asanu ouma aja anafunika kulowa chimodzimodzi, Kutuluka 5, chifukwa: chinyezi.

Nambala ikakukayikitsani dinani selo kumanja musankhe Show edit history, imaonetsa amene anasintha, liti, ndi chomwe chinalipo kale, koma mzere wochotsedwa wonse mukaufune mu File > Version history. Ndipo balansi ikakhala yosasuntha katundu akuyenda, dinani selo muone pamwamba ngati ikuyamba ndi =. Lachisanu lililonse werenganibe matumba ndi manja, loko saletsa munthu kutulutsa katundu osadzaza fomu.