Lipoti la apolisi likati wolakwa ndinu

"Achimwene, sabata yatha ndinagundana ndi galimoto ina pamphambano. Lipoti la apolisi latuluka, alemba kuti wolakwa ndine chifukwa sindinapereke mpata. Inshuwalansi yanga ndi ya kompurehensivu. Kodi pamenepa andikana? Tulo sindikutiona."

Kalata yanuyi yanditosa pachilonda. Ine langa lipoti linanena kuti wolakwa ndi mnzangayo, koma ndinayendabe wapansi masabata asanu ndi awiri.

Munthu wina anatulukira m'kamsewu kam'mbali n'kudzandiomba chitseko chakumbuyo chakumanzere. Nditalandira lipoti, maso anathamangira kumunsi, pomwe wapolisi amalemba maganizo ake pa chomwe chinachititsa ngozi. Nditaona kuti mlandu aupereka kwa winayo, ndinalipinda pepalalo n'kuliponya m'thumba, mtima uli mbee. Mizere yapamwamba sindinaiwerenge n'komwe. Kumeneko wapolisi anali atalemba kuti galimoto yanga yaphwanyika mbali yakumanja.

Asesa, munthu yemwe kampani ya inshuwalansi imamutuma kudzaona momwe galimoto yawonongekera, atabwera kugalaja, anaima ndi pepalalo m'manja, kuyang'ana chitseko chakumanja chili bwinobwino, kuzungulira kumanzere n'kupeza chitalowa m'kati. Sanakwiye. Anangoti, "Bambo, ngozi yomwe yalembedwa apayi si yomwe ndikuiona pagalimotoyi." Fayilo inaima pomwepo. Ndinayamba kusakasaka wapolisi uja, lero ali kutchuthi, mawa ali kumsewu, mpaka anakonza ndi kudindapo chidindo. Chinandipulumutsa ndi zithunzi zinayi za pafoni zomwe ndinajambula galimoto zisanasunthidwe. Mlamu wanga tsiku lija ankandiseka kuti ndikujambula ngati ndili paukwati. Pano naye amajambula ngakhale tayala likangophulika.

Kuyambira pamenepo ndinatsimikiza mtima, ndipo wonditsutsa abwere: mzere wonena za wolakwa si umene umagwetsa makileyimu ambiri, mapempho aja oti kampani ya inshuwalansi ilipire. Wapolisi nthawi zambiri amafika zonse zitachitika kale. Amaona pomwe magalasi agwera, mikwasa ya matayala, momwe galimoto zaimira, n'kumva zonena za madalaivala ndi mboni. Zomwe walembazo ndi umboni wolemera ndithu, koma si chigamulo cha khoti. A inshuwalansi amaliika lipotilo pambali pa fomu yanu ya kileyimu ndi zomwe asesa wapeza, kuona ngati zitatuzi zikukamba nkhani imodzi. Tsiku, nthawi, nambala ya galimoto, dzina la woyendetsa, mbali yophwanyika. Pafomu mukalemba kuti munali pachiwongolero ndinu, lipoti n'kutchula mng'ono wanu, mwadziputira nokha.

Ndiye pali anthu aja amamvana pamsewu, kulemberana pakapepala kuti "ndalakwa ndine, ndikonzetsa." Mapangano ambiri a inshuwalansi, omwe timati mapolise, amaletsa kuvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro kampani isanadziwe. Ulemu wa pamsewu umenewo umadzabala mkangano kuofesi.

Tsono za inuyo

Kompurehensivu anaipangira tsiku ngati limeneli. Imakonza galimoto yanu ngakhale wolakwa muli inu, ndipo gawo lake la thedi pate limalipira zomwe mwawononga kwa mnzanuyo, mpaka pamalire omwe analembedwa m'polise. Zikapitirira malirewo, zotsalazo n'zanu. Mukanakhala ndi thedi pate yokha, bwenzi yanu mukukonza nokha.

Kulakwako kukudyerani pawiri. Poyamba pali ekisesi, gawo lomwe mumalipira nokha. Tiyerekeze kuti polise yanu imati ekisesi ndi 10 pa 100 iliyonse ya mtengo wokonzera: asesa akavomereza ndalama zokonzera, kampani ipereka 90 pa 100, inu 10. Mukanakhala wosalakwa, mukanatha kukaitanitsa 10 ameneyo kwa wolakwayo kapena kampani yake. Pano palibe koitanitsa. Kachiwiri, kuchotseredwa mtengo komwe amapatsa osachita kileyimu kutha kuchepa kapena kutheratu mukamadzalipiranso chaka chamawa.

Zomwe zingakukanitseni n'zina, ndipo zina mwa izo zili m'lipoti lomwelo. Taonani ngati alembamo za mowa, ngati laisensi ya woyendetsa inali yosatha komanso yoyenera mtundu wa galimotoyo, ndiponso ngati sanalembe kuti munanyamula anthu olipira pomwe polise yanu ndi ya galimoto yoyendera nokha. Ngati zonsezi zili bwino, "sanapereke mpata" ndi kulakwitsa wamba kwa pamsewu, komwe inshuwalansi imalipira.

Chomwe chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu oti "sabata yatha." Polise iliyonse ili ndi nthawi yake yodziwitsira kampani za ngozi, ndipo ambiri amachedwa podikira lipoti, pomwe kudziwitsako sikulira lipoti. Ngati simunatero, imbani lero, mutumizenso kalata kuti pakhale umboni wa tsiku. Galimoto asaigwire makaniko asesa asanaione. Kenako tulutsani lipotilo, muyambire mzere woyamba, chala chili papepala, mufananize nambala iliyonse ndi ya pagalimoto.