Basi ikukafika 3 koloko usiku: ndikhale pati, ndikatsike bwanji?

*"Sabata yamawa ndili ndi ulendo wa basi ya usiku, ndipo ndikhala ndekha. Imanyamuka 7 koloko madzulo n'kukafika cha m'ma 3 koloko usiku mumzinda umene sindinapondemo. Ndine mayi, ndinyamula laputopu, ndalama za fizi ya mwana ndi chikwama chachikulu. Ndisankhe mpando uti, ndipo ndikafika ndikatani?"*

Achemwali, ndiyambira kumapeto kwa ulendo wanu, chifukwa n'kumene kukundidetsa nkhawa kwambiri. M'basi muli anthu ambiri, muli kondakitala, muli magetsi. Pamene munthu amakhala pangozi zenizeni ndi mphindi zochepa zija akangotsika, tulo tili m'maso, manja onse ali ndi katundu, akuyang'ana uku ndi uku. Wakuba wa padepoti amadikira nkhope yotero.

Choncho pogula tikiti mufunse mafunso awiri. Loyamba, kodi basi imathera padepoti ya kampaniyo, yokhala ndi mpanda ndi mlonda, kapena imangotsitsa anthu m'mbali mwa msewu? Lachiwiri, kodi amalola okwera kukhalabe m'basi kapena m'chipinda chodikirira mpaka kuche? Makampani ena amalola, ena salola, ndiye musangoganizira. Ngati amalola, nzeru yanga ndi yoti musapite kulikonse. Mukafika 3 koloko ndipo kumayera cha m'ma 5:30, ndiye kuti mwangotaya maola awiri ndi theka pampando. Kukacha mudzaona msewu, mudzaona nkhope za anthu, ndipo magalimoto adzakhala ambiri oti musankhepo.

Ngati kudikira sikutheka, wokutengani akonzedwe musananyamuke. Akhale m'bale, kapena wa takisi amene wakutumizirani ndi mwini wa kumene mukafikire. Mudziwiretu dzina lake, mtundu wa galimoto ndi nambala yake. Musamuuze kuti "3 koloko" basi, chifukwa basi ya usiku ikhoza kufika 2 koloko msewu ukakhala wopanda magalimoto, kapena 5 koloko ikachedwa panjira. Mugwirizane kuti mumuimbira kukatsala pafupifupi mphindi 40. Kondakitala adzakuuzani pamene mwafika, komanso mukakopera mapu a mzindawo mufoni musananyamuke, kadontho kosonyeza pamene muli kamayendabe ngakhale intaneti itadula.

Tsopano tiyerekeze kuti basi yaima. Musathamangire kukhomo, koma musatsalenso nokha kumbuyo. Valani kachikwama kanu kutsogolo, foni ikhale m'thumba, tsikani pakati pa gulu n'kulunjika kubuti, chifukwa nthawi imeneyi ndi imene zikwama zimasochera. Padzabwera anthu okuitanirani takisi, ena n'kugwira kale chikwama chanu. Osalola kuti chichoke m'manja mwanu, pakuti chikwama chikatsogola inunso mudzachitsatira kulikonse kumene chikupita. Ingonenani mokweza koma mosakalipa kuti, "Zikomo, ondilandira abwera kale," n'kupita pamalo owala pomwe pali mlonda kapena ofesi ya matikiti. Foni mukaitulutsire pamenepo.

Munthu akabwera kuti ndi amene watumidwa, musamufunse kuti, "Kodi ndinu a uje?" Wabodza adzangovomera. Mufunseni kuti, "Mwabwera kudzatenga ndani?" ndipo dzina lanu alitchule yekha. Kenako onani nambala ya galimoto ngati ikufanana ndi imene munapatsidwa. Mukapeza kuti m'galimotomo mwakhala kale munthu wina amene simunauzidwe za iye, musakwere, ngakhale akuuzeni kuti ndi mnzake womuperekeza. Mtengo mugwirizane musanalowe, nambala ya galimoto muitumize kwa abale dalaivala akuona, ndipo mukhale kumbuyo ndi kachikwama kanu pamiyendo. Wokutengani akapanda kubwera, bwererani ku nzeru yoyamba ija, dikirani kuche pafupi ndi mlonda.

Za mpando, palibe umene ungakutetezeni ku ngozi iliyonse, koma ina imaposa inzake. Mizere yoyambirira ndi imene imaphwanyika basi ikawombana ndi galimoto ina maso ndi maso, ndipo usiku zimenezi si zachilendo, chifukwa kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka m'bandakucha thupi la munthu aliyense, ngakhale la dalaivala wozolowera, limafuna tulo. Mzere womaliza nawo uli pangozi galimoto ikagunda kumbuyo, umadumphitsa, ndipo uli kutali ndi kondakitala wina akayamba kukuvutitsani. Ine ndikanasankha chapakati, kutsogoloko pang'ono, mbali ya khomo. Mbali imeneyi ndi imene ili kutali ndi magalimoto ochokera kutsogolo, komanso nthawi zambiri buti amatsegulira mbali yomweyo, ndiye basi ikaima panjira mutha kusuzumira n'kuona chikwama chimene chikutsitsidwa.

Pazenera pamagoneka bwino, koma kwa mayi amene ali yekha ndimakonda mpando wa kukanjira. Pazenera mumatsekeredwa ndi amene mwakhala naye, pomwe kukanjira mungoimirira n'kuchoka. Pemphani kuti akuikeni ndi mayi mnzanu ngati n'kotheka. Munthu akayamba kukukhudzani, musapirire poopa manyazi. Nenani mokweza kuti, "Bambo, chotsani dzanja lanu," ndipo muuze kondakitala akusinthireni malo. Lamba wa pampando mumange ngakhale mukugona, adutse m'chiuno osati pamimba, chifukwa basi ikagubuduzika anthu osamanga amaponyedwa m'kati kapena kutulukira pazenera. Musanagone muonenso pamene pali khomo lotulukira pangozi ndi kanyundo koswera galasi. Galasilo limasweka msanga mukamenya pakona.

Katundu wanu mumugawe patatu. Chikwama chachikulu chipite kubuti chili ndi zovala zokha, chokhoma, ndipo kapepala kamene angakupatseni ngati umboni mukasunge. Laputopu ikhale m'kachikwama ka pamiyendo, zipi itayang'ana kumimba kwanu, lamba wake mutamukoloweka kudzanja. Pashelefu ya pamwamba musaikepo chilichonse chimene mungalire nacho chitasowa, chifukwa wotsika panjira amangochinyamula ngati chake inu muli mtulo. Pansi pa mpando napo si pabwino, wakumbuyo amatha kukoka chikwama kapena kuching'amba ndi lezala. Ndalama za fizi zikanakhala bwino mukanazitumiza kudzera kubanki kapena pafoni. Ngati n'zosatheka, zikhale pathupi, m'kati mwa zovala, pamodzi ndi chiphaso ndi khadi la kubanki. M'thumba lakunja muikemo zochepa zogulira madzi ndi kulipira takisi, kuti musamafukule zambirizo pagulu. Wina akakuopsezani ndi mpeni, mupatseni zomwezo ndi chikwama chomwe, osalimbana naye.

Foni ndiyo imangirira dongosolo lonseli, choncho isathere moto pa mafilimu. Soketi za m'basi nthawi zina sizigwira ntchito, ndiye nyamulani pawabanki yodzaza. Mulembe papepala nambala ya wokutengani, ya m'bale mmodzi ndi keyala ya kumene mukupita. Imbaninso `*#06#` kuti muone IMEI, nambala yapadera yozindikirira foni yanu, muilembe pomwepo, chifukwa imathandiza pokadandaula kupolisi foni ikabedwa.

Basi ikaima kuti anthu apume, tsikani ndi kachikwama kanu, ngakhale mukungopita kuchimbudzi. Jambulani nambala ya basi, poti mumdima mabasi a kampani imodzi amafanana, ndipo mufunse kondakitala kuti muima mphindi zingati. Chakudya kapena chakumwa chochokera kwa munthu amene mwangodziwana naye m'basi muchikane mwaulemu. Alipo akuba amene amathira mankhwala ogonetsa, ndipo amayamba ndi kucheza kokoma. Mukamva tulo tachilendo, mutu kuzungulira kapena lilime kulemera mutangodya za munthu wina, musadikire kuti zitha zokha. Imirirani pomwepo mukadali ndi mphamvu, mupite kutsogolo ndi kachikwama kanu, muuze kondakitala ndi amayi amene ali pafupi kuti akuyang'anireni ndipo akufikitseni kuchipatala.