Akufuna K486,000 m'masiku 7: mmene mungayankhire kalata ya otolera ngongole

"Ndine mayi wa kufupi ndi Luchenza, ndimalima tiyi pa kamunda kanga. Mu 2022 ndinakongola K300,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, tinagwirizana kuti ndidzabweza K390,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja. Nditabwezako K210,000 ndinadwala, n'kusiya. Pano kwabwera kalata yochokera ku kampani imene sindiidziwa, akuti ndipereke K486,000 pasanathe masiku 7, apo ayi adzatenga katundu m'nyumba. Ngongole sindikukana, koma ndalamayi yandiopsa. Ndiwayankhe bwanji?"

Mayi, pepani ndi matenda aja. Ayankheni ndithu, masiku 7 aja asanakwane, ndipo muyankhe pa pepala osati pa foni. Koma musatumize kaye ndalama ina iliyonse, ngakhale K5,000 ija anthu amati "yongoonetsa mtima wofuna kubweza".

Tiwerengere limodzi. Pa K390,000 tikachotsa K210,000 patsala K180,000. Ndiye kuti pa ndalama akutchulayo, K306,000 ndi yoti aifotokoze iwowo. Mwina ina ndi chilango chochedwa kubweza, ndipo ngati pepala limene munasainira limanena za chilangocho, simungachithawe chonse. Mwina ina ndi malipiro a otolerawo amene angowaunjika pa mutu panu. Mwinanso ndalama zina zimene munkapereka pamanja kwa woyendera ngongole sizinafike m'mabuku. Simungadziwe popanda kuona chikalata cholondoloza ndalama zonse, tsiku ndi tsiku, chija amati sitetimenti.

Palinso nkhani ya kampaniyo. Inu munakongola ku bungwe lina, akukulemberani ndi ena. Zimachitika kuti bungwe lituma anthu otolera, koma wotumidwa aonetse kalata yomutuma. Mukalipira munthu amene alibe chilolezo, ngongole yanu imakhala ilipobe, ndalama yapita. Ngati mungathe, pitaninso ku ofesi kumene munakongolako mukafunse ngati anthuwa akuwadziwa.

Pamene ambiri amapunthwa m'pamawu. Munthu waulemu amayamba kalata ndi "ndikudziwa kuti ndili ndi ngongole yanu, chonde ndikhululukireni", osadziwa kuti wasainira K486,000 yonse. Pepala limenelo likhoza kudzawerengedwa pamaso pa majisitireti. Komanso lamulo la dziko lino limapatsa wokongoza zaka 6 zoti akasume pa ngongole ya mgwirizano ngati iyi, ndipo wokongola akavomera polemba n'kusaina, kapena akaperekako pang'ono, zakazo zimayambiranso. Yanu ndi ya 2022, musadalire zoti nthawi yatha. Koma amene akuwerenga pano ali ndi ngongole yakalekale asamale kwambiri asanalembe kapena kutumiza kalikonse. Kwa inu chofunika n'choti mutchule ndalama imene inu mukuidziwa, ndipo yawoyo muikane poyera.

Kalatayo itha kukhala motere. Pamwamba ikani keyala yanu, tsiku, ndi nambala imene ili pa kalata yawo.

"Okondeka Bambo kapena Mayi,

Ndalandira kalata yanu imene mukuitanitsa K486,000. Ndalama imeneyi sindikuivomera, ndipo kalata yangayi isatengedwe ngati kuivomera. Malinga ndi mapepala amene ndili nawo, yotsala ndi K180,000.

Ndikupempha munditumizire kalata yochokera ku bungwe limene ndinakongolako yosonyeza kuti lakutumani, kope la mgwirizano umene ndinasaina, ndi sitetimenti yosonyeza ndalama imene ndinalandira, zonse zimene ndinabweza ndi masiku ake, chiwongoladzanja, chilango ndi china chilichonse chimene mwaonjezera.

Mukanditumizira zimenezi n'kugwirizana pa ndalama yotsala, ndine wokonzeka kumapereka K25,000 pa 10 mwezi uliwonse kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi K11,000 kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Ndikupempha kuti chiwongoladzanja ndi chilango ziime pa nthawi imeneyi, ndipo mundiuze polemba akaunti yolipirako.

Mundiyankhe polemba kalata.

Ine wanu,"

Kenaka dzina ndi siginecha yanu.

Mwaona kuti sindinaike ndalama yofanana mwezi uliwonse. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo chilimwe chikafika dengu limapepuka. Miyezi isanu ya K25,000 ndi K125,000, isanu ya K11,000 ndi K55,000, pamodzi K180,000 m'miyezi 10. Manambalawa ndangoyerekeza. Inu tengani mapepala a malipiro a tiyi a chaka chatha, muchotse ya chimanga, ya feteleza ndi ya fizi, muone chotsala. Mwezi umene mumapeza zochepa kwambiri ndiwo ukuuzeni polekezera. Tsiku lolipira liikeni patapita masiku angapo kuchokera pamene ndalama ya tiyi imafika, chifukwa ikachedwa wolakwa mudzaoneka inu. Kulonjeza K40,000 pofuna kuti akusiyeni lero n'kudzitchera msampha: mukaphonya kamodzi, adzakhala ndi pepala lanu losonyeza kuti munalonjeza n'kulephera.

Chiganizo chopempha kuti chiwongoladzanja chiime musachisiye. Popanda icho mutha kulipira miyezi 10 mokhulupirika n'kudzauzidwa kuti pabadwa ina. Akhoza kukana, chifukwa lamulo silikakamiza wokongoza kulandira pang'onopang'ono kapena kuimitsa chiwongoladzanja. Koma ambiri amaona kuti kulandira mwezi ndi mwezi kuli bwino kusiyana ndi kutaya ndalama ndi nthawi ku khoti. Akavomera, chivomerezocho chikhale cholembedwa.

Kalatayo mupange makope awiri. Kapereke nokha kapena mutume munthu wodalirika, ndipo wolandira asaine, alembe tsiku ndi kudinda pa kope lanu. Ngati ofesi yawo ili ku Blantyre ndipo thiransipoti yavuta, tumizani pa positi ya rejisita n'kusunga lisiti, kenaka muijambule muitumizenso pa WhatsApp pa nambala ya pa kalata yawo. Malisiti a K210,000 ija muwatumizire mafotokope okha, enieniwo asachoke m'manja mwanu. Ngati zina munkalipira pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo mauthenga anafufutika, kapempheni sitetimenti ku ofesi ya kampani ya foniyo.

Za katundu wa m'nyumba. Wotolera ngongole si khoti. Kulanda katundu wa munthu chifukwa cha ngongole kumabwera khoti litagamula, ndipo amene amabwera ndi a sherifu atanyamula chikalata cha khoti. Pokhapo yang'anani mgwirizano uja ngati munaikapo chikole, monga njinga kapena makina osokera, chifukwa pa chinthu chimenecho wokongoza amakhala ndi mphamvu zina. N'chifukwa chakenso tikuitanitsa kope lake. Akabwera anyamata opanda chikalata cha khoti n'kuyamba kunyamula zinthu, itanani amfumu ndi anansi akhale mboni, mukanene ku polisi.

Koma likabwera samani la khoti, limenelo si loika pansi pa mphasa. Mukapanda kuyankha, mlandu utha kugamulidwa inu kulibe, pa K486,000 yomweyo. Pitani ndi kope lodindidwa lija, malisiti, ndi mapepala a kuchipatala. Khoti lili ndi mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso, komanso yolola kuti mulipire pang'onopang'ono. Ngati loya simungakwanitse, bungwe la boma la Legal Aid Bureau limathandiza anthu otere.

Sitetimenti ikabwera, ikani malisiti anu pambali pake muchonge limodzi ndi limodzi. Mukapeza ndalama imene munapereka koma palibe, kapena mzere umene sukupezeka mu mgwirizano, mundilemberenso tione kalata yachiwiri.