Masilaidi a jenolo amaonetsa yankho, njira yake mulibe

"Ndangoyamba kuthandiza kuphunzitsa akaunti kwa ophunzira a chaka choyamba pakoleji ina. Amene ankaphunzitsa kale anandisiyira masilaidi 40 a kalembedwe ka jenolo. M'kalasi onse amagwedeza mutu, koma ndikawapatsa funso amangosinthanitsa debiti ndi kirediti mwachisawawa. Ndingawasandutse bwanji masilaidiwa kukhala zitsanzo zoti mwana azitsatira yekha?"

Aphunzitsi, masilaidi anuwo sindinawaone, koma ndikuwadziwa. Pali limodzi lolembedwa chonchi:

```
Dr Purchases
    Cr Trade payables
```

Mizere iwiriyi ndi yolondola, koma ndi mapeto a ulendo. Amene anailemba anadzifunsa mafunso angapo m'mutu mwake, mwamsangamsanga chifukwa anazolowera, ndipo mafunsowo sanafike pa silaidi. Wophunzira akuona ndiwo zapsa kale m'mbale, sanaone pamene mchere unathiridwa. Ntchito yanu ndi kutulutsa mafunsowo m'mutu mwanu n'kuwaika papepala.

Musayambe ndi silaidi loyamba n'kumatsika mpaka la 40. Sankhani atatu okha amene angalumikizane pa bizinesi imodzi: kugula pangongole, kubweza katundu, ndi kulipira ngongoleyo. Kawirikawiri atatuwa amakhala motalikirana, lililonse ndi manambala ake, ndiye wophunzira sadziwa kuti ndi nkhani imodzi.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi golosale ku Lunzu. Pa 3 Malichi watenga mabelo 10 a shuga kuholoselo, belo limodzi K60,000, ndipo agwirizana kuti alipira mwezi ukamatha. Chitsanzo chanu chiyambe ndi chiganizo chimenechi, kapenanso bwino, ndi chithunzi cha invoisi yake, chifukwa kuntchito munthu amalandira mapepala, salandira malamulo a debiti.

Pansi pake lembani funso loyamba: kodi tikulemba mabuku a ndani? Ambiri amalidumpha poganiza kuti n'lachibwana, koma apa m'pamene ana amagwera. Tikulemba mabuku a golosale, osati a holoselo. Lachiwiri: n'chiyani chasintha? Yankho likhale m'mawu wamba, osatchula debiti: shuga wogulitsa wa K600,000 walowa, ndalama sizinatuluke, koma golosale ili ndi ngongole ya K600,000. Lachitatu: zinthu ziwirizi zili mu akaunti ziti, ndipo akauntizo n'zamtundu wanji? Shuga wogula kuti agulitsidwe amalowa mu `Purchases`, yomwe ili m'gulu la zowonongedwa poyendetsa bizinesi. Ngongole ya kuholoselo ili mu `Trade payables`. Lachinayi: iliyonse yakwera kapena yatsika? Zonse zakwera. Mawu oti debiti ndi kirediti aoneke pokhapokha mafunso anayiwa atayankhidwa. Zowonongedwa komanso katundu wa bizinesi zikakwera ndi debiti, ngongole ndi mpamba ndi zopeza zikakwera ndi kirediti.

```
Mar 3  Dr Purchases         600,000
           Cr Trade payables    600,000
```

Mayina a akaunti asiyeni monga alili pamayeso, koma kulingalirako kuchitike m'chinenero chimene wophunzira amaganizira. Ndaona ana amene amalephera funso m'Chingerezi akuliyankha bwinobwino mukangowafunsa kuti, "Ndani ali ndi ngongole kwa mnzake?"

Pa 6 Malichi mayi uja wapeza kuti belo limodzi linanyowa, walibweza. Bwerezani mafunso omwe aja, mundondomeko yomweyo, ngakhale kuti inu zikutopetsani. Ngongole yatsika ndi K60,000, ndiye ilowa ku debiti. Apa ndi pamene mwana amaona koyamba kuti akaunti yomwe inali ku kirediti masiku atatu apitawo lero ili ku debiti, ndipo palibe chalakwika. Kirediti yake ipita ku `Purchases returns`. Pa 28 Malichi mayiyo walipira K400,000 kudzera kubanki.

```
Mar 6   Dr Trade payables     60,000
            Cr Purchases returns   60,000
Mar 28  Dr Trade payables    400,000
            Cr Bank               400,000
```

Pa mzere wa banki imanipo kanthawi. Wophunzira aliyense amene ali ndi akaunti kubanki analandirapo uthenga pafoni wonena kuti akaunti yake yapatsidwa kirediti, ndipo tsiku limenelo ndalama zinalowa. Ndiye mukamuuza kuti ndalama zikatuluka timalemba `Cr Bank`, amaona ngati mwasokonezeka ndinu. Lembani m'mbali mwa chitsanzocho kuti uthenga uja umachokera m'mabuku a banki, ndipo kwa banki ndalama zanu ndi ngongole imene iyenera kukubwezerani. Funso loyamba lija, loti mabuku a ndani, labwereranso.

Chinthu chimene masilaidi sachita n'komwe ndicho kutsiriza nkhani. Jambulani akaunti ya leja ya holoselo ija m'mabuku a golosale: ku kirediti K600,000, ku debiti K60,000 ndi K400,000. Yotsala ndi K140,000. Kenako funsani wophunzira awerengere pamtima, ngati mwini golosale: watenga za 600, wabweza za 60, walipira 400, kwatsala zingati? Akapeza 140, ndiye kuti wapeza njira yodzichongera yekha popanda mphunzitsi. Kwa ine gawo ili ndi lamtengo wapatali kuposa masilaidi ena onse 37.

Tsamba lotsatira likhale ndi yankho lolakwika, lolembedwa dala. Cholakwa chimene ndimakumana nacho kwambiri n'chakuti pa 28 Malichi wophunzira amalemba `Dr Purchases` m'malo mwa `Dr Trade payables`, poganiza kuti ndalamazo n'za shuga. Debiti ndi kirediti zikufananabe, tirayo balansi ikugwirizana bwinobwino, iye n'kumasangalala. Koma tsopano mabuku akunena kuti shuga wagulidwa wa K1,000,000 pomwe mabelo anabwera 10 okha, ndipo ngongole ikuoneka K540,000 pomwe sitetimenti ya kuholoselo ikuti K140,000. Phindu la mweziwo latsika ndi K400,000 popanda chifukwa. Apatseni tsambalo, musawauze pomwe palakwika, afufuze okha. Akadzafika pa mutu wa zolakwa zomwe tirayo balansi siigwira, adzakhala atazikhudza kale ndi manja.

Mukatero yambani kuchotsa thandizo pang'onopang'ono. Chitsanzo chachiwiri chikhale ndi mafunso onse anayi, koma lomaliza lisayankhidwe. Chachitatu chikhale ndi mafunso okha. Chachinayi ndi invoisi basi. Musalumphe kuchoka pa chitsanzo chathunthu kupita ku funso la mayeso, chifukwa ndi pamenepo ana amabwerera kuloweza.

Pa zitsanzo zotsatirazi sinthani chinthu chimodzi chokha nthawi imodzi. Mayi yemwe uja agule firiji ya K900,000 pangongole. Ambiri adzathamangira ku `Purchases` chifukwa aona mawu oti kugula. Funso lachitatu liwagwire: kodi firijiyi ndi yogulitsa kapena yogwiritsa ntchito mugolosale? Ndi katundu wokhalitsa, ndiye ipita ku `Equipment`. Mukasintha zinthu zitatu pakamodzi, mwana akalakwa simudziwa chimene chamupunthwitsa.

Masilaidi akalewo musataye. Abwere kumapeto kwa mutu, monga chikumbutso cha madzulo oti mawa ndi mayeso. Ndipo musanasindikize tsamba lililonse, lipatseni wophunzira mmodzi amene amakhala kumbuyo m'kalasi, aliwerenge mokweza inu mutakhala chete. Akaima n'kufunsa kuti "nanga iyi yachokera kuti?", ikani chizindikiro pamenepo, mukawonjezepo mzere.